Malata Ogulidwa ku Joni, Olandiridwa Kumudzi: Kulemba Kanema Wotsatsa Malonda

M'midzi yambiri ya ku Mangochi, Mzimba, Nkhata Bay ndi Ntcheu muli nyumba zimene anthu amaziloza n'kunena kuti, "Iyo ndi ya mnyamata ali ku Joni uja." Zina zinatha, malata ake akuwala. Zina zinaima pa linta kalekale ndipo mkati munamera udzu. Mukafufuza mupeza kuti eni ake ndalama anatumiza ndithu. Kungoti ndalama ya simenti inafika sabata imene mwana anagonekedwa m'chipatala, ya malata inakumana ndi maliro, ndipo yotsalayo pofika nayo kusitolo anapeza mtengo utakwera.

Vuto limeneli ndi limene linabala mtundu wina wa bizinesi. M'malo motumiza ndalama, munthu ali kunja amasankha katundu pa foni, n'kulipira komweko, ndipo abale ake amalandira katunduyo kumudzi kapena kukatenga pasitolo yapafupi. Nzeruyi si yachilendo kuno kummwera kwa Africa. Kampani ya Kawena yakhala zaka zambiri ikutumikira anthu a ku Mozambique ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa: mwamuna amalipira ali kumgodi, banja lake n'kukatenga chakudya kapena simenti kudepoti ya kwawo. Malaicha nayo imathandiza anthu a ku Zimbabwe okhala ku South Africa kugulira abale awo zakudya.

M'mutu uno tiyerekeza kuti kampani yotere, imene sitiitchula dzina, yatipempha kuti tiilembere kanema wa mphindi imodzi woti Amalawi okhala kunja aonere pa foni. Tiona mmene kanemayo amalembedwera kamera isanatuluke m'chikwama.

Pepala la mbali ziwiri

Kanema aliyense wotsatsa malonda amayambira papepala. Pepalalo akatswiri amalitcha sikiripiti, ndipo limanena zonse zimene woonera adzaone ndi kumva, sekondi ndi sekondi. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya pulani ya nyumba: kusuntha khomo papulani n'kwa pensulo chabe, koma kulisuntha khoma litakwera n'kugumula njerwa. Tsiku lojambula limadya ndalama za galimoto, ojambula, ochita sewero ndi chakudya chawo. Mukaiwala mfundo imodzi yofunika, anthu onsewo muwaitanenso.

Olemba ambiri amagawa pepala pakati. Kumanzere amalemba zooneka: malo, anthu, zimene akuchita, ndi malemba otuluka pa sikirini. Kumanja amalemba zomveka: zolankhula za anthu a m'kanema, mawu a wofotokoza amene saoneka, nyimbo ndi phokoso lina. M'mphepete amalembamo masekondi. Kugawa motere kumaonetsa msanga pamene maso a woonera alibe chochita, kapena pamene wofotokoza akubwereza chinthu chimene chithunzi chanena kale.

Mphindi imodzi ndi yochepa kuposa mmene munthu amaganizira. Mawu a Chichewa ndi ataliatali, chifukwa mawu amodzi monga "sindinawatumizirebe" anyamula chiganizo chathunthu. Mukawerenga momasuka, mopatsa mpata chithunzi kuti chipume, mudzaona kuti mawu 100 adzaza mphindiyo, mwina n'kusefukira. Choncho musadalire kuwerenga chamumtima. Tengani wotchi, werengani mokweza ngati mukulankhula ndi munthu wachikulire, ndipo dulani kufikira zitakwana. Amene amayamba kulemba m'Chingelezi kenako n'kumasulira amavutika pamenepa, pakuti zimene zinakwana masekondi 60 zimatalika zikalowa m'Chichewa, ndipo wofotokoza amayamba kuthamanga ngati wolengeza mpira.

Wolipira ndi wina, wolandira ndi wina

Malonda ambiri amalankhula ndi munthu mmodzi amene adzagule chinthu n'kuchigwiritsa ntchito yekha. Kanema wathu ali ndi oonera awiri. Woyamba ali ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Manchester, ndipo ndalama zikutuluka m'thumba mwake. Wachiwiri ali kumudzi, ndipo ndi iye amene adzaime pakhomo kulandira katundu. Kanemayo sadzakhala pa foni ya woyamba yekha. Akamukonda adzamuponya pa gulu la banja la pa WhatsApp, kumene mayi, malume ndi alongo onse adzamuone.

Apa ndi pamene olemba ambiri amagwa. Nkhani imene imabwera msanga m'mutu ndi ya mchimwene woledzera amene walandira ndalama ya simenti n'kukathera nayo ku bawo, kenako n'kutumiza chithunzi cha nyumba ya eni. Nkhani yotere imaseketsa, ndipo nthawi zina imachitikadi. Koma ganizani za mayi amene alandira kanemayo kuchokera kwa mwana wawo. Uthenga umene aumve ndi wakuti, "Mwana wanga akundiona ngati wakuba." Mawa mwanayo akanena kuti ayamba kutumiza katundu m'malo mwa ndalama, pakhomo padzakhala mkangano, ndipo ambiri adzasankha kusiya kampaniyo kusiyana n'kudana ndi makolo. Komanso nkhaniyo imalakwira mabanja ochuluka amene ndalama yawo inapita ku mankhwala, fizi kapena chimanga cha mwezi wa February.

Ine ndimaona kuti kanema wabwino wa bizinesi imeneyi safuna munthu woipa m'banja. Adani alipo kale okwanira: mvula imene ikuyandikira, mtunda wa kutauni, mtengo wa thiransipoti, ndi kuvuta kwa kunyamula malata pa kabaza. Wolandira aonetsedwe ngati munthu waulemu amene wapeputsidwa ntchito ndipo ali ndi udindo wake, wowerenga katundu ndi kuvomereza kuti wakwana.

Wolipira nayenso ali ndi mantha ake, ndipo ndi mantha anzeru. Ndalama zake ndi za thukuta, za m'munda wa maluwa wa bwana, za pamalo omanga kapena zosamalira okalamba usiku. Mwina anatumizapo katundu kudzera kwa a thiransipota n'kufika atachedwa kapena ataphwanyika. Ali ndi mafunso anayi amene sadzalipira asanayankhidwe: kodi ndilipira zingati zonse pamodzi, katundu afika liti, ndidziwa bwanji kuti walandira ndi munthu wanga, nanga zikavuta ndidandaula kwa ndani? Kanema amene wathera masekondi 40 pa misozi ya kusowana ndi nyimbo yachisoni sanayankhe ngakhale limodzi. Woonera amadziwa kale kuti anasowa kwawo. Chimene sakudziwa ndi chakuti kampani iyi ndi yodalirika kapena ayi, ndipo njira yomutsimikizira ndi kumuonetsa ulendo wonse wa katundu, kuchokera pa foni yake kufika m'manja mwa mayi ake.

Kufunsa kaye eni bizinesi

Musanalembe chiganizo choyamba, khalani pansi ndi anthu amene amayendetsa katundu, osati bwana yekha. Bwana adzakuuzani kuti amafika paliponse m'Malawi. Dalaivala adzakuuzani kuti mlatho wakutiwakuti sawoloka mvula ikagwa, ndipo katundu amamutsitsa pa tireding'i senta. Funsani maboma amene amafikadi, masiku amene amatenga, zimene amachita katundu wosankhidwa akatha m'sitolo, ndi amene amalipira lata likafika lopindika. Funsaninso chimene wolandira ayenera kuonetsa: chitupa cha unzika, nambala yachinsinsi yotumizidwa pa foni, kapena zonse ziwiri.

Zonse zimene mulembe zichokere pa mayankho amenewa. Ngati kampani imatenga masiku 5, musalembe kuti "mawa lomwe" chifukwa choti zikumveka bwino. Lonjezo labodza m'malonda ndi nkhani imene bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo ake, koma chilango chofulumira chimachokera kwa makasitomala eni ake. Amalawi a ku Joni amakumana kutchalitchi, kumzikiti, pamalo okwerera mabasi a kumudzi ndi m'magulu a pa foni. Munthu mmodzi akakhumudwa, tauni yonse imamva sabata isanathe.

Chitsanzo: denga mvula isanagwe

Tasankha nkhani imodzi yokha, ya malata, ndipo kanemayo atuluke mwezi wa September kapena October pamene aliyense amene ali ndi nyumba yosafolera akuyang'ana kumwamba. Kampani imagulitsanso ufa, shuga ndi fetereza, koma tikayika zonse m'mphindi imodzi woonera sadzakumbukira chilichonse. Zinazo zidzakhala ndi makanema awoawo.

*Masekondi 0 mpaka 6.* Zooneka: nyumba ya njerwa zootcha, mitengo ya denga yakhomedwa kale koma malata palibe. Mayi wachikulire waima pabwalo, kafoni ka mabatani kali kukhutu, maso ali ku mitambo. Zomveka, mayi: "Mwanangu, mitambo yayamba kusonkhana kuno."

Masekondi oyambawa ndi amene amagamula ngati chala cha woonera chipitirire kapena chiime. N'chifukwa chake sitinayambe ndi chizindikiro cha kampani kapena moni. Munthu amene akumanga kumudzi akaona nyumba yopanda denga pansi pa mitambo yakuda, waiona nyumba yake.

*Masekondi 6 mpaka 17.* Zooneka: kachipinda kakang'ono ku Joni, mnyamata wavula nsapato zantchito, akadali mu ovolosi. Mnyamata: "Musadandaule amayi. Apatseni foni amisiriwo." Chithunzi chibwerera kumudzi, mmisiri ali ndi pensulo kukhutu. Mmisiri: "Achimwene, pakufunika malata 30 a mafiti 12, geji 28, ndi misomali makilogalamu 6."

Mmisiri tamulowetsa dala. Mnyamata amene ali kutali sangadziwe muyeso wa denga, ndipo kanema amene amamuonetsa akungodina malata osafunsa aliyense akuphunzitsa makasitomala kulakwitsa. Malata amasiyana kutalika, amasiyananso kukhuthala, kumene kumayezedwa ndi geji. Nambala ya geji ikachepa, lata limakhuthala: la geji 28 ndi lolimba kuposa la geji 32, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Munthu wosadziwa amasankha 32 poganiza kuti nambala yaikulu ndiyo yamphamvu. Mawu a mmisiriwa akuchitanso ntchito ina. Aliyense amene anamangapo akawamva amazindikira kuti kampaniyi ikuidziwa ntchito yomanga.

*Masekondi 17 mpaka 32.* Zooneka: sikirini ya foni ya mnyamata, pafupi kwambiri. Chala chikusankha malata, chikulemba 30, chikusankha misomali. Pakutuluka mtengo wonse mu ndalama za randi, ndi mzere wa thiransipoti pansi pake. Chala chikulemba dzina la wolandira, nambala yake, boma ndi mudzi. Wofotokoza: "Sankhani katundu. Mtengo wonse, ndi thiransipoti yomwe, muuona musanalipire. Lembani dzina la wolandira ndi nambala yake ya foni."

Gawo ili olemba amalipeputsa chifukwa mulibe sewero, komatu ndi limene limasandutsa woonera kukhala kasitomala. Jambulani foni yeniyeni ikuchita zenizeni, ndipo chala chiziyenda pang'onopang'ono kuti munthu atsatire. Ngati kuoda kumachitikira pa WhatsApp, onetsani macheza a pa WhatsApp. Ngati kulipira kumatheka ndi ndalama zapamanja kwa ejenti, nenani, chifukwa ambiri mwa anthu athu ali kunja alibe akaunti ya ku banki ya dziko limenelo, ndipo akaona khadi la banki lokha amaganiza kuti zimenezi si zawo. Onetsaninso malo olembapo chizindikiro cha pakhomo, monga "kuseri kwa chigayo" kapena "moyang'anana ndi mjigo wa pasukulu", pakuti kumudzi kulibe nambala za nyumba ndipo dalaivala amayenda ndi zizindikiro zotere. Dzina ndi nambala zooneka pa sikiriniyo zikhale zopeka, zisakhale za kasitomala weniweni.

*Masekondi 32 mpaka 48.* Zooneka: kafoni ka mayi kalira, pa sikirini pali uthenga wokhala ndi nambala. Lole yaing'ono yaima pabwalo. Mmisiri akuwerenga malata limodzilimodzi, akupinda pang'ono m'mphepete mwa lata kuti amve kulimba kwake, kenako agwedeza mutu. Mayi akuonetsa dalaivala uthenga uja. Wofotokoza: "Wolandira amatumiziridwa nambala yachinsinsi. Awerenge kaye katundu, akakwana ndi pamene apereke nambalayo. Iye salipira kalikonse."

Mtima wa kanema yense uli apa, ndipo tapereka masekondi ochuluka kuposa gawo lina lililonse. Taonani dongosolo la zochitika: kuwerenga kukuyamba, nambala ikubwera pambuyo. Nambala imeneyi ndi siginecha ya wolandira. Ikaperekedwa, makina a kampani amalemba kuti katundu wafika yense. Wojambula akasintha dongosololi, n'kuonetsa mayi akupereka nambala lole isanatsitse, anthu adzachita chimodzimodzi, ndipo tsiku limene malata adzafike 28 m'malo mwa 30 adzasowa pogwira. Anthu amatengera zimene aona kuposa zimene amva, choncho chithunzi ndi mawu zigwirizane.

Chiganizo chakuti "iye salipira kalikonse" chili ndi mawu atatu okha, koma musalole aliyense kuchidula. Anthu akuba a pa foni ndi odziwika m'Malawi. Amaimba kapena kutumiza uthenga wonena kuti katundu wanu wochokera ku Joni wagwidwa panjira, tumizani ndalama pa nambala iyi kuti atuluke. Banja limene likuyembekezeradi katundu ndi losavuta kulinamiza motere. Mayi akamva m'kanema kuti wolandira salipira kanthu, adzadziwa chochita ndi foni yotero. Chiganizocho chimatsekanso pakamwa dalaivala amene angafune kupempha "ya fanta" asanatsitse katundu. Kungoti chikhale choona: ngati pali madera amene wolandira amayenera kudzipezera ngolo kuchokera pa tireding'i senta, kanemayo asanene zimenezi kwa onse.

Kafoni ka mabatani nako kali ndi uthenga wake. Mayi akaoneka ndi foni yamakono, woonera adzati, "Amayi anga alibe foni yotere," n'kusiya pomwepo.

*Masekondi 48 mpaka 55.* Zooneka: foni ya mnyamata yalandira uthenga wotsimikiza ndi chithunzi cha malata atatsamira khoma. Mayi, pa foni: "Afika onse mwanangu. Amisiri akwera mawa." Mnyamata: "Zikomo amayi, mugone bwino."

*Masekondi 55 mpaka 60.* Zooneka: dzina la kampani, nambala imodzi ya WhatsApp m'malemba akuluakulu, ndi mayina a maboma amene kampani imafika. Wofotokoza: "Tilembereni pa nambala iyi. Zikavuta, imbani yomweyi."

Mukawerenga zolankhula zonse mupeza kuti sizikufika mawu 80. Mpata wotsalawo ndi wa maso: malata akutsika, chala cha mmisiri chikuwerenga, nkhope ya mayi. Pomaliza tapempha chinthu chimodzi chokha. Kanema amene amati tsitsani apu, tipezeni pa Facebook, imbani nambala iyi kapena iyo, pitani ku ofesi yathu, amasiya woonera osachita chilichonse. Nambalayo ikhale pa sikirini nthawi yokwanira kuti munthu aijambule kapena ailembe.

Nkhani ya mtengo

Eni bizinesi amakonda kuti mtengo uoneke m'kanema, ndipo pamenepa wolemba ayenera kulimba. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mitengo ya simenti, malata ndi shuga inasintha m'masiku ochepa. Kanema akangolowa m'mafoni a anthu simungamubweze. Adzayendabe chaka chamawa ndi mtengo wa chaka chino, ndipo kasitomala amene wapeza mtengo wina adzati mwamunamiza. Njira yabwino ndi kulonjeza chimene sichisintha, chakuti mtengo wonse uoneka asanalipire. Ngati nambala iyenera kuoneka pa sikirini ya foni ija, pansi pake palembedwe kuti ndi chitsanzo. Mitengo ya sabata ino ikhale m'mawu olembedwa pansi pa kanema, amene mungathe kuwasintha.

Pewaninso mawu akuti "otchipa kuposa onse". Wolipira ali ndi masamu ake. Amadziwa kuti randi imodzi ikusintha makwacha angati lero, amaimbira mlamu wake kufunsa mtengo wa lata pa sitolo ya paboma, n'kuyerekeza. Nthawi zina adzapeza kuti kuoda kudzera pa kampani n'kokwererapo kusiyana n'kutumiza ndalama. Chimene akugula ndi ndalama yowonjezerayo ndi chitsimikizo chakuti malata 30 afika pakhomo pa tsiku lodziwika. Kanemayo agulitse chimenecho, chifukwa ndicho chimene kampani ili nachodi.

Palinso malire amene kanema woona mtima sayenera kuwabisa. Kampani imabweretsa katundu, simanga nyumba. Mmisiri adzafunabe malipiro ake, mchenga ndi madzi zidzafunabe ndalama zapamanja. Ndi chifukwa chake chitsanzo chathu chathera pa malata atatsamira khoma ndi mawu akuti amisiri akwera mawa. Tikanaonetsa nyumba yopentedwa, ya magalasi ndi maluwa pakhomo, tikanalonjeza zimene lole singabweretse. Pa kanema wa simenti malirewa ndi okulirapo. Simenti imakoka chinyezi, ndipo thumba la makilogalamu 50 likakhala miyezi ingapo pansi pozizira limayamba kuuma mabuluma n'kutaya mphamvu. Kanema amene amalimbikitsa munthu kugula matumba 100 nthawi imodzi pamene maziko sanakumbidwe akumupweteka. Bwino mmisiri anene kuti, "Tiyambe ndi matumba 20 a maziko, ena adzabwere tikafika pa linta," ndipo chithunzi chionetse matumbawo atasanjidwa pa matabwa, osakhudza pansi kapena khoma.

Kanema wa zakudya

Kanema wa zakudya amayenda njira yomweyi, koma akhoza kufupika kufika masekondi 30, chifukwa ndalama zake n'zochepa ndipo munthu amalimba mtima kuyesa. Chosiyana chachikulu n'chakuti zakudya zimatha. Malata amagulidwa kamodzi, pamene ufa, shuga, mafuta ophikira, mchere ndi sopo zimafunika mwezi uliwonse, choncho nkhani yake imangidwe pa tsiku lolandira malipiro. Mafunso amene ayenera kuyankhidwa ndi awiri. Loyamba, mafuta a mtundu umene ndasankha akatha, mundipatsa ena mwakufuna kwanu kapena mundifunsa kaye? Lachiwiri, agogo akatenga pasitolo kapena muwapititsira? Thumba la ufa la makilogalamu 25 silinyamulika ndi munthu wokalamba, ndipo ngati n'kololedwa kutuma mdzukulu, kanemayo aonetse mdzukuluyo akupereka nambala ija pa kauntala.

Chenjezo limodzi pa zithunzi: musaonetse banja lili ndi njala yoopsa, ana akulira, mbale zili mbee. Palibe amene amafuna kuti kwawo kuoneke motero, ndipo kanemayo sadzatumizidwa pa gulu la banja. Onetsani khomo wamba, losesedwa bwino, kumene shuga wangotsala pang'ono m'chitini.

Foni, bandulo ndi chilankhulo

Sikiripiti iyenera kudziwa kumene kanemayo adzaonerwe. Adzaonerwa pa foni yoimika, m'tekisi kapena pa nthawi yopuma kuntchito, ndipo kawirikawiri mawu atatsekedwa. Choncho lembani pamwamba pa pepala kuti ajambulidwe choimika, nkhope ndi manja zikhale pafupi, ndipo zolankhula zonse zizitulukanso m'malemba akuluakulu pansi pa chithunzi. Kumudzi bandulo ndi yodula ndipo netiweki imavuta. Kanema wolemera sadzatsegulidwa n'komwe, choncho pemphani kuti pakhale mtundu wopepuka wotumiza pa WhatsApp.

Anthu a m'kanema alankhule monga amalankhulira kwawo. Mwana sanena kwa mayi ake kuti "usadandaule", ndipo mmisiri satchula mwini nyumba dzina lake lenileni pa foni. Zolakwika zotere woonera amazimva msanga, ndipo zimamuuza kuti kanemayu analembedwa ndi anthu akutali ndi moyo wake. Popeza ambiri mwa Amalawi a ku South Africa amachokera ku Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay, ndi nzeru kujambula mawu a mayi ndi mwana m'Chiyao, m'Chitumbuka kapena m'Chitonga, zithunzi zikhale zomwezo. Ntchito imeneyi ipatsidwe kwa mwini chilankhulocho, ndipo nayenso awerenge ndi wotchi m'manja.

Ngati mukugwiritsa ntchito ochita sewero, musalembe pansi pawo kuti ndi makasitomala enieni. Ngati ndi makasitomala enieni, pemphani chilolezo cholembedwa kwa wolipira ndi wolandira yemwe, ndipo muwafotokozere kuti nkhope zawo ndi nyumba yawo zidzaonedwa ndi anthu ambiri. Ena mwa okhala kunja mapepala awo sali bwino ndipo safuna kuonekera. Enanso safuna kuti mudzi wonse udziwe kuti pakhomo pawo pamafika katundu mwezi ndi mwezi. Akakana, musawakakamize.

Kudziwa ngati sikiripiti yagwira

Kuyesa kumayamba kamera yodula isanabwere. Jambulani kanema wongoyeserera ndi foni, anzanu akhale mayi, mwana ndi mmisiri. Muonetseni kwa anthu ochepa amene amatumizadi thandizo kumudzi, mawu atatsekedwa, kamodzi kokha. Kenako musawafunse ngati wawasangalatsa, chifukwa mwaulemu adzavomera. Afunseni kuti kampaniyi imachita chiyani, mayi aja anapereka nambala nthawi iti, ndipo munthu wofuna kuoda ayambire pati. Akalephera funso limodzi, gawo limene likuyankha funsolo lilembedwenso. Muonetseninso kwa mayi wachikulire mmodzi kapena awiri, n'kuwafunsa kuti angamve bwanji mwana wawo atawatumizira kanema ameneyu.

Kanema akatuluka, chiwerengero cha oonera sichinena zambiri. Werengani mauthenga amene akufika pa nambala ija. Ngati ambiri akufunsa kuti, "Kodi ku Chitipa mumafika?", ndiye kuti mayina a maboma anadutsa mofulumira kapena malemba ake anachepa. Ngati akufunsa kuti, "Amayi alipira zingati katundu akafika?", chiganizo cha mawu atatu chija chinamira m'nyimbo, ndipo nyimboyo itsitsidwe. Madalaivala nawo afunsidwe ngati olandira akuwerenga katundu asanapereke nambala. Uthenga umene ukusonyeza kuti sikiripiti yagwira ntchito yake ndi wa munthu amene sakufunsa kuti zimayenda bwanji, wangolemba kuti akufuna malata 24 a mafiti 10, geji 28, apite ku Ntcheu, ndipo akufunsa tsiku limene afike.